Giza ya sola ya K1,500,000: kodi ndalama zake zimabwereradi?

Wogulitsa magiza a sola aliyense ali ndi masamu ake, ndipo masamuwo amakoma m'makutu. Amakuuzani kuti chipangizochi ndi K1,500,000 kuphatikizapo kuchiika padenga, kuti mudzapulumutsa K400,000 ya magetsi chaka chilichonse, ndipo kuti chimakhala zaka khumi. Akachulukitsa zimatuluka K4,000,000. Mwalipira miliyoni imodzi ndi theka, mwabwezeredwa mamiliyoni anayi. Ndani angakane?

Wogulitsayo sananame kwenikweni, koma waphatikiza zinthu zosiyana ngati kuti ndi chinthu chimodzi. K1,500,000 ija ikutuluka m'thumba lero, yonse pakamodzi. K4,000,000 ija ibwera pang'onopang'ono, ina chaka chamawa, ina mwana amene ali sitandade 1 lero atafika kale kusekondale. Kwacha ya lero ndi kwacha ya zaka khumi zikubwerazo sizingaikidwe pa sikelo imodzi musanazisandutse kukhala za tsiku limodzi. Akatswiri a zachuma akamaunika chipangizo chopulumutsa magetsi, ntchito yawo yaikulu ndi imeneyi: kubweza ndalama zonse za mtsogolo kuti zikhale pa mtengo wa lero, kenako n'kuzifananitsa ndi mtengo wogulira. Njira yake ndi imodzimodzi kaya ndi giza, firiji ya m'golosale kapena mota ya chigayo, ndipo munthu amene ali ndi kakyuleta ya pafoni angathe kuitsata.

Tiyerekeze mayi wina amene ali ndi nyumba yaing'ono yogona alendo ku Dedza, kumene alendo salola kusamba madzi ozizira. Ali ndi giza yamagetsi ya malita 150 yomwe ikugwirabe ntchito. Mitengo yonse imene ndigwiritse ntchito pano ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Inuyo muikepo ya pa lisiti lanu ndi ya pa kotesheni imene mwapatsidwa.

Mayunitsi angati amene apulumukedi?

Funso loyamba si la ndalama ayi, ndi la mayunitsi. Pano pali lamulo la chilengedwe limene wogulitsa sangalisinthe. Kuti lita imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi, pamafunika mphamvu yodziwika, ndipo mukawerengera malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60, mumapeza mayunitsi pafupifupi 7. Elementi ya makilowati 3 imachita zimenezi m'maola awiri ndi mphindi ngati 20. Kuwonjezera apo, thanki imataya kutentha usana ndi usiku ngakhale pasakhale wotsegula mpopi, ndiye elementi imayaka mwa apo ndi apo kubwezeretsa. Tinene kuti giza ya mayiwa imadya mayunitsi 8 pa tsiku ngati madzi onse otentha akutha tsiku lililonse.

Mawu akuti "ngati" amenewa ndi olemera. Giza imadya molingana ndi madzi amene atungidwa, osati kukula kwa thanki. Choncho m'malo mokhulupirira pepala, yesani. Lembani mayunitsi otsala pa mita Lolemba m'mawa, mulembenso Lolemba linalo. Sabata yachiwiri muzimitse giza pa switchi yake, zina zonse zikhale monga mwa masiku onse, n'kulembanso. Kusiyana kwa masabata awiriwo ndiko chakudya cha giza yanu. Kunyumba yogona alendo kuzimitsa sabata yathunthu n'kovuta, komabe masiku awiri kapena atatu a pakati pa sabata akhoza kukupatsani chithunzi.

Sola siichotsa mayunitsi onse 8. Mu Juni ndi Julayi, pamene madzi a mumpopi ali ozizira kwambiri ndipo anthu akufuna otentha kwambiri, m'pamenenso dzuwa limakhala lofooka. Kumadera a Blantyre, Thyolo ndi Mulanje chiperoni chimatha kuphimba kumwamba masiku angapo otsatizana, ndipo m'dzinja mitambo imachita zomwezo kulikonse. N'chifukwa chake magiza ambiri a sola amakhalanso ndi elementi yothandizira. Kwa mayi athuwa tinene kuti dzuwa ligwira ntchito magawo 7 mwa magawo 10, kutanthauza mayunitsi pafupifupi 5.5 pa tsiku, kapena pafupifupi 2,000 pa chaka.

Mtengo wa yuniti musautenge pa chikalata cha mitengo. Tengani lisiti, mugawe ndalama zonse zimene munalipira ndi mayunitsi amene munalandira, kuti misonkho ilowe momwemo. Apakhomo adziwenso kuti mayunitsi oyambirira a mwezi amagulitsidwa motsika, ndipo amene giza ya sola idzapulumutse ndi omalizira, odulawo. Lisiti loyenera ndi la kugula kwachiwiri kapena kwachitatu m'mwezi. Tikaika K200 pa yuniti, mayunitsi 2,000 akupereka K400,000 pa chaka. Mpaka pano tikugwirizana ndi wogulitsa uja.

Kubweza ndalama za mtsogolo ku lero

Tsopano tifunse kuti K400,000 imene idzapulumuke chaka chamawa ndi yofanana ndi ndalama zingati lero. Yankho limadalira zimene ndalama ikanachita ikanakhala m'manja mwanu. Ngati mayiwa akutenga ngongole kubanki pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pa chaka, K100 iliyonse imene abwereka lero adzabweza K130 chaka chamawa. Ndiye kuti kwa iwo K130 ya chaka chamawa ndi K100 ya lero ndi chinthu chimodzi. Kuti mubweze ndalama ya chaka chamawa ku lero, mumaigawa ndi 1.3. Ya zaka ziwiri mumaigawa ndi 1.3 kawiri, ya zaka zitatu katatu, mpaka kumapeto.

Peresenti ya 30 si yongokokomeza. Mu Febuluwale 2024 Banki Yaikulu ya Malawi inakweza chiwongoladzanja chake chotsogolera kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amalonda amaonjezera pamenepo akamabwereketsa munthu wamba kapena bizinesi yaing'ono. Amene sakubwereka asaganize kuti ndalama zake ndi zaulere. K1,500,000 ikanatha kugula katundu wogulitsa, kumanga chipinda china cha alendo, kubweza ngongole ina, kapena kukhala kubanki ikuswa. Phindu la chinthu chabwino koposa chimene mwachisiya ndilo peresenti imene muyenera kugwiritsa ntchito.

Tiyeni tigawe. K400,000 ya chaka choyamba imakhala K307,700 ya lero. Ya chaka chachiwiri ndi K236,700, yachitatu K182,100, yachinayi K140,100, yachisanu K107,700. Zaka zisanu zoyambirirazi pamodzi zapereka pafupifupi K974,000. Zisanu zotsalazo, ngakhale pa pepala ndi K2,000,000 yathunthu, zikungowonjezera K262,000, ndipo chaka chakhumi pachokha ndi K29,000 basi. Zonse pamodzi ndi K1,237,000. Mamiliyoni anayi aja afwera pansi pa mtengo wogulira. Mukachotsa K1,500,000, mayiwa aluza K263,000.

Taonani zimene chiwongoladzanja chachikulu chimachita. Wogulitsa akamalumbira kuti chipangizo chake chimakhala zaka 15 osati 10, kwa munthu wobwereka pa 30 peresenti zaka zisanu zowonjezerazo ndi zosakwana K80,000 ya lero. Funso lofunika kwambiri kwa munthu wotero si lakuti chidzakhala zaka zingati, koma ngati chidzagwira bwino ntchito m'zaka zisanu zoyamba, ndiponso ngati galanti yake ikuphimba nthawi imeneyo.

Cholakwika chimene chabisala m'masamuwa

Tikanalekera pamenepa tikanamulakwira wogulitsa, chifukwa nafenso taphatikiza zinthu zosiyana. Taganiza kuti yuniti idzakhala K200 kwa zaka khumi, pomwe tagwiritsa ntchito chiwongoladzanja cha 30 peresenti. Koma chifukwa chachikulu chimene chiwongoladzanja chilili chokwera chonchi n'chakuti mitengo ya zinthu ikukwera mofulumira. M'chaka cha 2024 kukwera kwa mitengo m'Malawi kunali pamwamba pa 30 peresenti, kutsatira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simungalole kukwera kwa mitengo kulowa mbali ya ngongole n'kukukaniza mbali ya magetsi. Mukatero chipangizo chilichonse chopulumutsa magetsi chidzaoneka choluza. Ndimaona kuti cholakwika ichi n'choopsa kuposa cha wogulitsa, chifukwa chimavala nkhope ya munthu wosamala.

Mitengo ya magetsi siikwera tsiku ndi tsiku ngati ya tomato. ESCOM imapempha, bungwe la MERA limaunika n'kuvomereza kapena kukana, ndipo mtengo umatha kuima miyezi yambiri kenako n'kudumpha kamodzi. Mu 2023 MERA inavomereza ndondomeko ya zaka zinayi yokwezera mitengo pang'onopang'ono, kuyambira ndi 18 peresenti mu Seputembala chaka chimenecho. Palinso dongosolo lolola kusintha mtengo kwacha ikagwa kapena zinthu zikakwera kwambiri. Choncho kuganiza kuti yuniti idzaima pamodzi zaka khumi n'kulota.

Tiyerekeze kuti magetsi azikwera ndi 15 peresenti chaka chilichonse, theka chabe la chiwongoladzanja chathu. Chaka choyamba mayiwa apulumutsa K400,000, chachiwiri K460,000, chachitatu K529,000, n'kumapita choncho. Ndalama iliyonse timaigawabe ndi 1.3 monga poyamba. Chaka chachiwiri tsopano chikupereka K272,200 ya lero m'malo mwa K236,700, ndipo zaka khumi zonse zikukwana pafupifupi K1,884,000. Tikachotsa mtengo wogulira, pakutsala phindu la K384,000. Giza yomweyo, mayi yemweyo, banki yomweyo, koma yankho latembenuka.

Popeza palibe amene akudziwa zimene MERA idzavomereze zaka zisanu zikubwerazi, njira yanzeru ndi kufunsa funsoli chobwerera: magetsi akuyenera kukwera bwanji kuti giza ingobweza ndalama zake, popanda phindu kapena kuluza? Pa manambala athuwa yankho lili pafupi ndi 7 peresenti pa chaka. Funso lovuta lija lasanduka losavuta. Kodi mukukhulupirira kuti m'zaka khumi, pamene mabanki akulipiritsa 30 peresenti, magetsi azikwera ndi zochepera 7 peresenti pa chaka? Ine sindikhulupirira. Ndipo ngati chuma chingakhazikike mpaka magetsi n'kusiya kukwera, chiwongoladzanja nachonso chidzatsika, ndiye kuti wogawira wathu sadzakhalanso 1.3.

Amene ali ndi kompyuta kapena Excel ya pafoni akhoza kulemba ndalama za zaka khumizo m'mabokosi B2 mpaka B11, kenako n'kulemba izi:

```
=NPV(0.3,B2:B11)-1500000
```

Mtengo wogulira ukhale kunja kwa mabulaketi monga ukuonekeramu. Excel imatenga nambala yoyamba ya m'kati ngati ndalama ya kumapeto kwa chaka choyamba, ndiye mukaika K1,500,000 m'katimo idzaigawanso ndi 1.3 ngati kuti mudzalipira chaka chamawa, ndipo yankho lonse lidzasokonekera.

Zimene zimadya phindulo

K384,000 ija sinafike m'thumba. Choyamba pali kukonza. Mavavu amadontha, machubu agalasi amasweka ndi matalala kapena mwala wa mwana, ndipo kumadera a madzi a mchere elementi ndi thanki zimagwira nkhungu yoyera yolimba imene imachepetsa kutentha. Tikaika K300,000 yokonzera m'chaka chachisanu, pa mitengo ya nthawi imeneyo, mtengo wake lero ndi pafupifupi K81,000. Phindu latsika kufika cha m'ma K303,000. Likadalipo, ndipo mwaona kuti kubweza ndalama ku lero kumachepetsanso zolipira za mtsogolo, osati zopulumutsa zokha.

Chachiwiri ndicho chimapha mapulani ambiri: kugwiritsa ntchito. Masamu onsewa aima pa mayunitsi 2,000. Ngati nyumba ya mayiwa imadzaza kumapeto kwa sabata kokha, ndipo madzi otentha amene amatungidwa ndi theka la amene tinawerengera, zopulumuka zonse zimagwa pakati. K1,884,000 imakhala K942,000, kutali kwambiri ndi mtengo wogulira. Dzuwa lidzatenthetsa madziwo tsiku lililonse, koma madzi otentha amene palibe wawasamba sachotsa kanthu pa bilu. Banja la anthu awiri amene amayatsa giza ola limodzi m'mawa n'kuzimitsa lili m'gulu lomweli. Iwowa anapulumutsa kale mayunitsi ambiri ndi chala chawo pa switchi, ndipo sola ipeza zotsala zochepa. Chodabwitsa n'chakuti munthu wosamala magetsi ndi amene chipangizo chodulachi chimamupindulira pang'ono.

Chachitatu ndi kaikidwe. Dziko lathu lili kummwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati, choncho magalasi ayang'ane kumpoto, kumene dzuwa limapendekera m'miyezi yozizira, ndipo pasakhale mthunzi wa mtengo wa mango masana. Vuto lofala kuposa limeneli ndi la elementi yothandizira imene yasiyidwa yoyaka nthawi zonse. Alendo akasamba usiku kapena m'bandakucha, madzi ozizira amalowa m'thanki, elementi n'kuwatenthetsa nthawi yomweyo ndi magetsi. Dzuwa likamatuluka limapeza thanki yotentha kale, lilibenso chochita. Mwiniwake amaona madzi otentha tsiku lililonse n'kumayamikira dzuwa, pomwe mita ikuthamanga ngati kale. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati patatha mwezi mayunitsi sanatsike ndi pafupifupi 165, amene ndi 5.5 kuchulukitsa masiku 30, yambani kufufuza pa elementi. Kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa pa nthawi yoikika, kapena kungoiyatsa pamanja madzulo a tsiku la mitambo, kumathetsa vutoli. Palinso khalidwe la anthu: akamva kuti madzi otentha tsopano ndi aulere amasamba nthawi yaitali ndi kuchapira zovala, ndipo elementi imalipira kusiyanako.

Kuzima kwa magetsi kumakoka masamuwa mbali ziwiri. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Tsiku limene giza yakale yakhala osayaka, palibe mayunitsi oti sola ipulumutse, ndiye bilu yokha imaonetsa phindu lochepa. Koma tsiku lomwelo mayi wopanda sola amagula makala otenthetsera madzi m'ndowa, kapena mlendo amasamukira kwina. Ngati mungathe kuika mtengo pa zimenezi, monga matumba a makala amene munagula chaka chatha chifukwa cha madzi osamba okha, muziike pa mzere wake pambali. Musaziphatikize mwakachetechete ndi mayunitsi, kuti mudziwe kuti phindu likuchokera kuti.

Pamene yankho limasintha lokha

Zonse zimene tawerengazi ndi za munthu amene giza yake ikugwirabe ntchito. Ikakhala kuti yaboola thanki ndipo ayenera kugula ina mulimonse, funso lasintha. Ngati yamagetsi yatsopano ndi K600,000, ndalama zimene sola ikupempha mowonjezera ndi K900,000 yokha, ndipo ndi nambala imeneyi imene iyenera kufananitsidwa ndi zopulumuka. Pamenepo ngakhale masamu athu ouma aja, oganiza kuti magetsi sadzakwera n'komwe, amapereka K1,237,000, yoposa K900,000 ndi K337,000. N'chifukwa chake nthawi yabwino yosinthira ku chipangizo chosadya magetsi ambiri kawirikawiri ndi pamene chakale chafa kapena nyumba ikumangidwa kumene. Ndalama zimene munagulira giza yakale zaka zapitazo zisalowe m'masamu, zinapita basi. Zimene zingalowe ndi zimene mungapeze mutaigulitsa lero.

Gwero la ndalama nalonso limagamula mlandu lisanafike pa kakyuleta. Magulu ena a banki m'khonde amabwereketsa pa 10 peresenti pa mwezi, ena kuposa apo. Pa K1,500,000 imeneyo ndi K150,000 ya chiwongoladzanja mwezi uliwonse, pomwe giza ikupulumutsa K33,000 pa mwezi. Ngongole yotere ndi ya geni yozungulira msanga, yogula lero n'kugulitsa sabata yamawa. Siingalipire chipangizo chobweza ndalama m'zaka, ndipo za katapila sitinena n'komwe. Ngakhale ngongole ya kubanki ili ndi mbuna yake. Masamu akhoza kunena kuti pa zaka khumi mupindula, koma banki ikufuna ndalama zake m'zaka ziwiri. K1,500,000 pa 30 peresenti yobweza m'miyezi 24 ndi pafupifupi K84,000 pa mwezi, ndiye kwa zaka ziwirizo mayiwa ayenera kupeza K50,000 yowonjezera mwezi uliwonse kuchokera kwina. Chinthu chikhoza kukhala chaphindu koma n'kukusowetsani ndalama yolipira antchito mu Febuluwale, ndipo mafunso awiriwa ayenera kuyankhidwa padera.

Si chipangizo chilichonse chimene chimafuna masamu onsewa. Babu lakale la mawati 60 likasinthidwa ndi la LED la mawati 9, n'kumayaka maola asanu pa tsiku, limapulumutsa mayunitsi 93 pa chaka, K18,600 pa mtengo wathu uja. Ngati babulo ndi K3,000, labweza ndalama zake m'miyezi iwiri, ndipo palibe chiwongoladzanja cha kubanki chimene chingasinthe yankho limenelo. Kubweza ndalama ku lero kumayamba kugwira ntchito pamene kugawa mtengo wogulira ndi zopulumuka za pachaka kukupereka zaka ziwiri, zitatu kapena kuposa. Giza yathu inapereka zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi inayi, ndipo pa chiwongoladzanja cha kuno, pamenepo m'pamene yankho limatha kugwera mbali iliyonse.

Kwa mayi wa ku Dedza, ngati mita yatsimikizira kuti giza imadyadi mayunitsi 8 pa tsiku chaka chonse, agule, aikepo choyatsa pa nthawi yoikika, ndipo aonetsetse kuti galanti yalembedwa pa pepala. Ngati mita yaonetsa mayunitsi 4, aikepo choyatsa chomwecho pa giza yakaleyo, akute mapaipi a madzi otentha kuti asataye kutentha, n'kudikira mpaka thanki idzaboole, pamene mtengo woyerekezera udzakhale K900,000 osati K1,500,000.